Chithunzi cha ku nyanja chikukana kusanduka katuni

Che Saidi, Mangochi Boma: Akuluakulu, kasitomala wanditumizira chithunzi pa WhatsApp, akufuna chioneke ngati chojambula pamanja, tisindikize pa A4. Anamujambula masana, nyanja ili kumbuyo, maboti ndi maukonde mbali zonse. Ndikachiika mu pulogalamu yosandutsa zithunzi kukhala katuni, nkhope ikutuluka mathothomathotho ndipo khutu limodzi likusakanikirana ndi boti. Ndiyambire pati?

Yusufu, Namwera: Kwezani Brightness ndi Sharpen basi achimwene, nkhope iwale.

Mayi Phiri, Monkey Bay: Kuwalitsa n'koyenera, Yusufu, koma osati chithunzi chonse. Foni inayeza kuwala kwa madzi, n'chifukwa chake nkhope inada. Mukakweza Brightness madzi ayereratu, nkhope ikadali mumdima. Mu Snapseed, pulogalamu yokonzera zithunzi pa foni, kwezani Shadows pang'ono, kenako ikani Selective pa nkhope pokha. Sharpen musayikhudze. Mathotho mukuwaonawo ndi timadontho tomwe timabisala mumdima wa chithunzi. Mukatinola, pulogalamu imatitenga ngati mizere ya nkhope n'kutijambula.

Koma vuto lalikulu ndi kukula kwa chithunzicho. Che Saidi, taonani ma pikiselo.

Che Saidi: 1600 x 1200, mayi. Munthuyo waimirira thupi lonse.

Mayi Phiri: Ndiye WhatsApp yachifinya. Pamenepo nkhope mwina ili ndi ma pikiselo 150 okha m'litali, pomwe A4 pa 300 dpi imafuna 2480 x 3508. Muuzeni mwini foni atumizenso ngati Document, osati sikirinishoti kapena chopatsirana m'magulu. Ngati foniyo imajambula 4000 x 3000, nkhope yomweyo ifika 375. Dulani chithunzi musanachiike mu pulogalamu, kuyambira pachifuwa kukwera, n'kusiya kampata pamwamba pa mutu. Mapulogalamu ambiri amayamba achepetsa chithunzi, ndiye mukasiya maboti, ma pikiselo amathera pa maboti. Kukulitsa kuchitike pomaliza.

Grace, Makawa: Inenso ndili ndi cha mayi wovala chitenje chamaluwa, kumbuyo kuli mpanda wa bango. Zikungolukana.

Mayi Phiri: Matenda ake ndi omwewo a khutu lija, achemwali. Pomwe munthu ndi za kumbuyo zikufanana mtundu, pulogalamu siona malire. Zazing'ono, monga chingwe chotulukira pamutu, fufutani ndi Healing mu Snapseed. Mpanda wonse sungatheke, ajambulidwenso: pamthunzi wa khonde, nkhope iyang'ane kobwera kuwala, munthu atalikire khoma mita imodzi kapena awiri. Pansi pa mtengo wa mango dzuwa limadontha m'masamba, mawanga ake amasanduka zipsera. Wojambula apukute galasi la kamera, azimitse Beauty, abwerere m'mbuyo mamita awiri, chifukwa akayandikira mphuno imakula.

Yusufu: Ine ndingochotsa za kumbuyo zonse n'kuika mtundu umodzi.

Mayi Phiri: Zimatheka, koma tsitsi lolukidwa limadukaduka m'mphepete.

Che Saidi: Komanso kasitomala akuti nyanja ikhalepo, ndiyo anapitira. Ndikuganiza zomudula, ndimusandutse payekha, nyanja payokha, kenako ndilumikize. Alipo anayesapo osaoneka ngati chomata?