Kodi akuluakulu akamati "mkaka wamuwenga" amatanthauza matenda ati?

Nambewe: Ndikupempha odziwa Chichewa chakale andithandize pa mawu oti kuwenga ndi chiwengo. Mwana wa mng'ono wanga ali ndi miyezi itatu, ndipo mayi ake atabwerera kuntchito anayamba kumuwonjezera mkaka wa m'chitini masana. Sabata isanathe masaya ake anayamba kuuma ndi kufiira, amadzikanda pa nsalu akabelekedwa, ndipo m'thewera mwayamba kuoneka chimbudzi chonanda chokhala ndi timizere ta magazi. Agogo ake akuti mkaka wamuwenga. Wogulitsa m'sitolo wati tigule chitini cholembedwa kuti mulibe lakitozi. Kodi chiwengo cha agogo ndi vuto la lakitozi ndi chinthu chimodzi?

Gama: Kwathu ku Ntcheu tinkamva mawu amenewa pa zakudya monga nyama ya nkhumba kapena nsomba ya mlamba. Munthu akadya, thupi n'kuyamba kuyabwa kapena kutuluka zidzolo, akuluakulu ankati chakudyacho chamuwenga, ndipo ankamuletsa kuchidyanso. Ine ndimamva kuti chiwengo chimaonekera pakhungu. Wodya nyemba zambiri n'kutupidwa sitinkati zamuwenga, tinkangoti zamuvuta m'mimba. Koma sindikukana kuti m'madera ena mawuwa amafika mpaka m'mimba.

Nachisale: Amafikadi, bambo Gama. Ine ndikamwa tiyi wa mkaka wambiri m'mimba mumalira ndipo ndimatsegula, ndiye amayi anga ankati mkaka umandiwenga. Chambiko sichindivuta konse. Mwanayo watengera ku mtundu, mumupatse chambiko pang'ono kapena mkaka wa mbuzi, muona kusintha.

Nangondo: Mayi Nachisale, zimene mwafotokoza za inu nokha ndi zoona, koma chonde zisayesedwe pa khanda la miyezi itatu. Ndine namwino wa ana, ndipo ndikuona kuti mawu amodzi akutiphimbira matenda awiri osiyana kwambiri.

Lakitozi ndi shuga wa mu mkaka. M'matumbo aang'ono muli chogayira shugayu chotchedwa lakitezi, ndipo chikachepa shugayo amatsikira m'matumbo aakulu osagayika, amakoka madzi n'kuwira. Zotsatira zake ndi mpweya, kutupidwa, ndi chimbudzi chamadzimadzi, chathovu, chonunkha mowawasa chimene chimasupula khungu la kumatako. Zonsezi zimathera m'mimba. Vutoli silitulutsa magazi, silitupitsa milomo, silibweretsa zidzolo kumaso. Akuluakulu ambiri kuno ali nalo chifukwa lakitezi amachepa munthu akamakula, kawirikawiri atadutsa zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo chambiko chimawayanja popeza gawo lina la shugayo limatha mkaka ukamasasa.

Khanda lili ndi nkhani ina. Mkaka wa m'mawere uli ndi lakitozi pafupifupi magalamu 7 pa mamililita 100, pamene wa ng'ombe uli ndi pafupifupi 5. Mwana amene wayamwa miyezi itatu akukwera bwino kusikelo waonetsa kale kuti amagaya lakitozi. Kubadwa wopanda lakitezi kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo kumaoneka m'masiku oyambirira penipeni. Chimene timachiona kawirikawiri ndi mwana amene wangodwala matenda otsegula m'mimba, matumbo ake n'kusupuka mkati, ndiye amalephera kugaya shugayu kwa masabata ochepa kenako n'kuchira. Woteroyo sitimusiyitsa bere.

Chiwengo chenicheni, chija bambo Gama akunena, chimabwera pamene chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi mapuloteni a mu mkaka wa ng'ombe ngati kuti ndi mdani. Zimene mwafotokoza, mayi Nambewe, zikufanana kwambiri ndi chimenechi, ngakhale kuti womuona mwanayo ndi maso ndiye angatsimikize. Chitini chopanda lakitozi sichingathandize chifukwa achotsamo shuga yekha, mapuloteni a ng'ombe ali momwemo. Chambiko nachonso chili nawo, ndipo mapuloteni a mkaka wa mbuzi amafanana kwambiri ndi a ng'ombe moti ana ambiri owengedwa ndi wina amawengedwanso ndi winayo.

Phiri: Koma magazi m'chimbudzi si kamwazi kodi? Mwana wanga anachita chimodzimodzi, anamupatsa mankhwala opha tizilombo ndipo anachira. Mwina tikukuza nkhani ya mkaka pamene vuto ndi botolo losatsuka bwino.

Nangondo: Funso lanu ndi loyenera, bambo Phiri, ndipo n'chifukwa chake magazi alionse m'thewera la khanda amafunika kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku la sikelo. Kamwazi nthawi zambiri amabwera mwadzidzidzi, mwana amatentha thupi, amafooka ndipo amaoneka kuti akudwala. Mwana wowengedwa mwapang'onopang'ono amatha kukhala wosewera, woyamwa bwino, wosatentha thupi, koma timizere ta magazi timabwerabwera, chikanga chikufalikira, ndipo ena amasanzasanza kapena mzere wa m'buku la kusikelo umaleka kukwera. Zizindikiro zimenezi zimachedwa, zimatha kuoneka patapita maola angapo kapena masiku atatu chimwereni mkakawo, n'chifukwa chake makolo sazigwirizanitsa msanga.

Palinso chiwengo chofulumira, chimene chimaoneka pasanathe maola awiri, nthawi zina mphindi zochepa chabe. Khungu limatuluka zotupa zoyabwa ngati walumidwa ndi tizilombo, milomo ndi zikope zimatupa, mwana amasanza. Akayamba kupuma mobanika, mawu a kulira n'kusasa, kapena akalefuka n'kutuwa, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo chifukwa amafunika jakisoni wa adirenalini, ndipo musadzamuyesenso mkakawo panyumba. Thamanganinso ngati akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, masanzi ali obiriwira, liwombo lalowa, maso alowa m'kati, kapena akulira modzipinda kenako n'kutulutsa chimbudzi chofiira chonanda, chifukwa zimenezi zingakhale kutha kwa madzi m'thupi kapena matenda ena a m'matumbo ofuna opaleshoni.

Nambewe: Zikomo kwambiri. Nanga kuchipatala adzadziwa bwanji kuti ndi mkaka, popeza ndamva kuti kuyeza magazi sikusonyeza nthawi zonse?

Nangondo: Mwamva zoona. Pa chiwengo chochedwa chija, mayeso odalirika ndi kuchotsa mapuloteni a mkaka wa ng'ombe pa zakudya za mwanayo kwa masabata awiri mpaka anayi, kuona ngati magazi atha ndi khungu lasalala, kenako kubwezeretsa pang'ono motsogozedwa ndi dokotala. Zizindikiro zikabwerera, yankho lapezeka. Gawo lobwezeretsali ambiri amalidumpha chifukwa cha mantha, ndiye mwana amasalitsidwa zaka popanda umboni.

Kwa mng'ono wanu njira yapafupi ndi kubwerera ku bere lokha, kufinya mkaka m'kapu yoyera yovundikira kuti womulera azimumwetsa masana. Ngati zizindikiro zinayamba ndi chitini, mwina mayiyo sadzafunika kusala chilichonse. Zikapitirira pa bere lokha, adzauzidwa kusiya mkaka wa mu tiyi, yogati, chambiko, ndi zophikidwa ndi mkaka waufa monga mabisiketi ena, ndipo azidya usipa kapena matemba ndi minga yomwe kuti asasowe kashiamu. Ulipo mkaka wa m'chitini umene mapuloteni ake anaphwanyidwa kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, koma ndi wodula ndipo supezeka paliponse. Wa soya sitiulimbikitsa mwana asanakwane miyezi 6. Ana ambiri chiwengochi chimawathera asanakwane zaka zisanu.

Gama: Ndiye agogo aja sanalakwitse mawu. Chimene ndikufunabe kumva kwa anzathu a ku Kasungu ndi ku Chipata n'chakuti kwanuko, munthu wotupidwa ndi mkaka monga mayi Nachisale, mumanenanso kuti wamuwenga kapena muli ndi mawu ena?