Thandizeni ndakatulo ya kamba, ana a mkaka alakatule potsekera sukulu

Mayi a Tadala, Chilomoni: Akuluakulu a pagulu pano, ndikulemba ndakatulo ya ana a zaka 4 mpaka 6. Ndi mpikisano wa oyenda pang'onopang'ono okhaokha: kamba, nkhono ndi bongololo. Ndikufuna mizere izimveka mofanana kumapeto, komanso zonena za kamba zikhale zoona. Ndayamba chonchi koma ana sikuwalowa m'kamwa:

Kamba anavula chigoba,
Mpikisano ndi kuyamba,
Analuma udzu ndi mano,
Nasambira kuwoloka Mudi.

Ndalakwitsa pati?

Achimwene a ku Bangwe: Mayi, nthanoyo ilipo kale. Kalulu amagona panjira, fulu n'kupambana. Ingoikani Kalulu basi.

Mayi a Tadala, Chilomoni: Ayi achimwene, Kalulu sindikumufuna. Apikisane ochedwa okhaokha.

Nachisale: Ndiyambe ndi za kamba, zandakatulozo abwera eni ake. Mzere woyamba uchoke. Kamba sangavule chigoba chifukwa ndi fupa la thupi lake. Nthiti ndi fupa la msana zinagwirana ndi chigobacho mkati, ndipo mukamukanda pamwamba amamva. Mwana akaphunzira kuti chimavulidwa, tsiku lina adzatenga mtengo kuti amutulutsemo. Mano alibenso. Ali ndi mlomo wolimba, wakuthwa m'mphepete, wodulira udzu.

Kenako sankhani kamba wake, pakuti kwathu kuno alipo a mitundu yosiyana. Pali wamkulu wa mawanga akuda, amene amakonda malo otentha ngati kuchigwa cha Shire, ndipo chakudya chake chachikulu ndi udzu. Palinso wocheperapo amene chigoba chake chimapindika kumbuyo n'kutsekera miyendo. Ameneyu amadya bowa, nkhono ndi abongololo. Mukaika iyeyu mumpikisano wanu, adya anzake onse mzere womaliza asanauone! Tengani wa mawanga.

Bambo Phiri, Ndirande: Za Mudizo chotsaninso. Kamba sasambira, akalowa m'madzi amamira ngati mwala. Wosambira ndi nkhasi. Koma muikemo zoti zaka zake timawerenga pa mizere ya pachigoba, ana zimawasangalatsa.

Nachisale: Bambo Phiri, pang'ono pokha. Wa mawanga amatha kuyandama n'kupalasa, si onse amamira. Koma mzerewo uchokedi, chifukwa ana sasiyanitsa mitundu, angaponye kamba aliyense m'dziwe. Za mizere ya pachigoba ndiye ayi. Mizere imatuluka kamba akamakula, ndipo chaka cha chakudya chambiri ingatuluke yoposa umodzi. Akakalamba imafufutika, chigoba n'kusalala. Choona n'chakuti amakhalitsa. Wa mawanga amatha kupitirira zaka 50, ndipo kamba wa pachilumba cha St Helena wotchedwa Jonathan akuti anabadwa cha m'ma 1832, koma uyo ndi wa mtundu wina waukulu kwambiri.

Aphunzitsi a Chichewa, Zingwangwa: Mayi a Tadala, chimene chikuwakola ana pakamwa ndi zinthu ziwiri.

Choyamba, mawu a Chichewa onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo ochuluka amathera ndi a. Ndiye "chigoba" ndi "kuyamba" kuthera ndi a sikufanana kumene khutu lingakumve. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: kaamba, maano, njiira. Kufanana kuyambire pamenepo. Kamba apite ndi yamba kapena masamba. Mano apite ndi pano. Njira ipite ndi mazira. Musanalembe mzere uliwonse, sonkhanitsani kaye mawu awiriawiri otere, kenako muone mfundo yoona imene ingakwanemo. Mukayamba ndi mfundo mudzakakamiza mawu.

Chachiwiri ndi utali wa mizere. Werengani maphatikizo ndi m'manja. Mzere wanu woyamba uli ndi 9, womaliza uli ndi 10. Kwa ana a msinkhu uwu 8 ndi okwana, amawanena ndi mpweya umodzi. Chenjerani ndi m wongoima yekha, monga mu "msana" ndi "mpikisano". Ameneyu amawomberedwa payekha: m-sa-na ndi atatu, osati awiri. Ambiri amaphonya apa n'kumadabwa kuti mzere ukutsimphina bwanji. Yesani iyi, ndatenga mfundo za a Nachisale:

Taonani, uyo kamba!
Liwiro lija layamba.
Ngakhale alibe mano,
Udzu wonse watha pano.

Chigoba ndi fupa, mwana,
Chogwirana ndi msana.
Wapatuka pa kanjira
Kukakwirira mazira.

Nkhono yatsala kutali,
Kamba apuma pambali.

Pakati pa ndime muike choyankhizana. Inu mufunse "Kamba wafika?" ana ayankhe "Sanafike!" akuponda phazi limodzi. Komaliza kokha ayankhe "Wafika!" Wamng'ono amene sangaloweze ndime apezapo pake.

Mayi a Tadala, Chilomoni: Zikomo aphunzitsi, ndawomba m'manja ndipo ikukwanadi. Bongololo wasowa koma ndimupezera ndime. Funso: zoti amakwirira mazira n'kupitiriza ulendo ndi zoona, kapena mwangofuna mawu ofanana ndi njira? Ana andifunsa kuti akhalira ndani. Komanso kamba angapambanedi ataima kawiri chonsecho?

Nachisale: Ndi zoona mayi. Wamkazi amakumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, ndipo dothi likauma amalinyowetsa ndi mkodzo kuti lifewe. Amaikira mazira ozungulira oyera, kuyambira 5 mpaka pafupifupi 30, n'kukwirira, n'kuphwathiritsa dothi ndi chigoba cha kumimba, n'kumapita. Sakhalira ngati nkhuku ndipo sabwerako. Amafungatira ndi dothi lotenthedwa ndi dzuwa, ndipo ana amatuluka patatha miyezi 8 kapena kuposa, nthawi zina chaka chimadutsa. Dothi likatentha kwambiri amachuluka aakazi. Dziwani tsono kuti ndi mzere umenewu kamba wanu ndi wamkazi, musamutchule bambo kamba m'ndime ina.

Kupambanako musadandaule. Kamba wa mawanga wotchedwa Bertie ku England anayenda mamita 5.48 m'masekondi osakwana 20 mu 2014. Ameneyo anali katswiri, koma ngakhale waulesi amadutsa mamita angapo pa mphindi imodzi pamene nkhono ikuyenda masentimita. Chokhacho, kukumba ndi kukwirira kumatenga maola, ndiye mpikisano wanu ukhale wa tsiku lonse, kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa Michiru.

Agogo a ku Machinjiri: Ine ndi mawu akuti kamba amene sindikugwirizana nawo. Ife tinkati fulu.

Aphunzitsi a Chichewa, Zingwangwa: Onse ndi athu, agogo. Koma fulu ali ndi anzake ochepa kumapeto kwa mzere: gulu, chulu, wamkulu. Angagwire ndime imodzi, monga "Fulu wakwera pachulu", kungoti kusintha dzina pakati kungasokoneze ana aziyesa ndi nyama ziwiri.

Agogo a ku Machinjiri: Ndiye aphunzire onse awiri, sasweka mutu ndi mawu awiri.

Bambo Phiri, Ndirande: Nanga paja amati kamba anyerera amene wamtola. Patsikulo mubweretse weniweni ana amunyamule, aone okha mwambiwo.

Nachisale: Ayi bambo, ameneyo asanyamulidwe. Madzi amene amataya mukamutola ndi nkhokwe yake ya m'chilimwe. Amawatulutsa ndi mantha, ndipo mwezi ngati Okutobala sangawabwezere msanga. Komanso kamba amanyamula tizilombo totsegula m'mimba, ndipo ana a zaka 4 zala sizichoka m'kamwa. Mangirirani beseni lapulasitiki kumsana kwa mwana mmodzi ndi chitenje, akwawe anzake akulakatula. Mumange kolimba, lisavuke pakati pa ndime ya msana ija.