Kabokosi kotsekera mankhwala a makoswe: ndigule, poti ndili ndi mphaka?

Mwini mphaka: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Mphaka wanga timakoswe ting'onoting'ono watimaliza m'khitchini, koma zimakoswe za kudenga akungoziyang'ana. Usiku zimachita ngati zikukoka mipando. Ndaona tikugulitsidwa timabokosi tokiya, mankhwala amakhala m'kati, pobowola pongokwana khoswe. Akuti mphaka sangafikire. Ndigule?

Wa nkhuku: Gulani mayi. Kanga katha zaka ziwiri kuseri kwa khola, galu sanakatsegulepo. Chimene chimapha ziweto ndi kumwaza mankhwala poyera.

Wothandiza dokotala wa ziweto: Achimwene mwanena zoona, koma mwalekezera panjira. Kabokosi kamatsekera mankhwala, sikatsekera khoswe. Iye amadya n'kutuluka. Mankhwala ambiri a masiku ano, monga burodifakumu ndi buromadiyoloni, amaletsa magazi kuundana, ndipo sapha tsiku lomwelo. Khoswe amatha masiku 3 mpaka 7 akuyendayenda, akubwereranso kukadya ena, poyizoni akuunjikana m'chiwindi. Chakumapeto amafooka, amatuluka masana n'kumayenda dzandidzandi pakati pa bwalo. Ndiye taganizani, mayi: khoswe wamkulu uja mphaka wanu amamuopa lero, akafika pamenepo amugwira mosavuta.

Wa nkhuku: Koma khoswe mmodzi angaphe mphaka? Mukuopseza anthu apa.

Wothandiza dokotala wa ziweto: Mmodzi yekha kawirikawiri ayi, sindikana. Vuto ndi mphaka wosaka amene akudya lero mmodzi, mkuja wina, sabata yonse, poti mankhwalawa amachedwa kuchoka m'thupi. Galu wanu sadya makoswe. Wa mayiwa ndiye ntchito yake.

Mlongo wanu: Ine wanga anapita choncho, mankhwala anathira ndi oyandikana nawo nyumba, ine osadziwa. Masiku oyamba anali bwinobwino. Kenako anasiya kudya, n'kumangobisala pansi pa bedi, kupuma mobanika. Nditamutsegula kukamwa, nkhama zinali mbuu ngati pepala. Magazi sindinawaone paliponse, ndiye za poyizoni sindinaziganize n'komwe. Ndinamupatsa mkaka.

Wothandiza dokotala wa ziweto: Pepani achemwali. Magazi amatayikira m'kati, nthawi zambiri m'chifuwa, n'chifukwa chake amabanika. Zizindikiro zimayamba pakapita masiku 3 mpaka 5. Mkaka suchita kanthu, ndipo kumumwetsa madzi amchere kuti asanze kungamuphe. Mankhwala ake ndi vitamini K1, amamwa masabata 3 kapena 4, wofooka kwambiri amafunikanso kumuthira magazi. Mukamuona akudya mankhwala, thamangani naye kwa dokotala maola oyamba omwewo, paketi ili m'manja. Paketi ndi yofunika chifukwa pali mtundu wina, burometalini, umene umaononga ubongo, ndipo ulibe mankhwala ochotsa mphamvu yake.

Bambo wina: Vuto mumawadyetsa kwambiri amphakawa. Mphaka wokhuta sagwira khoswe. Mumaneni chakudya masiku awiri muone.

Mlongo wanu: Bambo, funso ndi la kabokosi. Komanso mphaka amasaka ngakhale atakhuta. Wanjala ndi amene amadya khoswe yense mpaka chiwindi, n'kukatolanso akufa kwa eni.

Mwini mphaka: Ndiye za kudengazi ndizitani? Kugona sindikugona.

Mmisiri wa matabwa: Kabokosi gulani, koma muikemo msampha wofwamphuka m'malo mwa mankhwala. Tina timabwera ndi malo a msampha kale, funsani musanalipire. Dzanja la mphaka silifikako, ndipo khoswe wakufa mumamuona n'kumutaya, osati kuwolera m'siling'i. Tengani wa makoswe akuluakulu, waung'ono umangomuvulaza. Ikani motsamira khoma kapena mtanda pamene pali zitosi ndi mzere wakuda wa mafuta a ubweya wawo. Masiku 2 kapena 3 oyamba pakani chiponde koma musatche. Khoswe amakayikira chinthu chachilendo, ndipo ukamuphonya kamodzi sabwereranso msanga. Kenako tsekani polowera ndi waya wa sefa ndi simenti. Kakhoswe kakang'ono kamadutsa pa mpata wa mamilimita 6, pongolowa pensulo. Nthambi zokhudza denga dulani.

Wa nkhuku: Misampha ndinayesa, ndinagwira atatu, otsalawo anachenjera. Akachuluka mudzabwerera ku mankhwala, muona.

Mmisiri wa matabwa: Munatcha ingati?

Wa nkhuku: Umodzi.

Mmisiri wa matabwa: Eetu. Pamafunika isanu kapena isanu ndi umodzi usiku umodzi.

Mwini mphaka: Ndigula timabokosi tiwiri ndi misampha, ina ndiika kudenga komwe mphaka safikako. Chikundivuta tsopano ndi nkhani ya achemwaliyi, poti ine oyandikana nawo ndinawaona dzana atanyamula paketi. Mphaka woti anazolowera kuyenda usiku ndimutsekera bwanji m'nyumba?