Fomu yandiimitsa pa funso la chilolezo

Namwino wa pa Chitakale: Akuluakulu thandizeni, fomu yofunsira ntchito ya ku UK ikutsekedwa usiku uno. Akufunsa "Do you have the right to work in the UK?" kenako "Will you require sponsorship?" Ndiyankhe bwanji? Ine ndili konkuno ku Mulanje, viza ndilibe. Magetsi azima, foni yatsala pang'ono kuthima.

Bambo a Tadala, Joni: Mafomu a chiyani achemwali? Ine ndinangokwera basi pa Wenela ndi pasipoti yokha.

Alamu a ku Luchenza: Ikani Yes ponseponse. Akuti makina amataya aliyense woyankha No, munthu saiona n'komwe fomuyo.

Make Chisomo, Leeds: Alamu musamuphetse mwana. Malo ena amatayadi, koma ndi omwe sangakutengeni ngakhale mutanama. Achemwali, funso loyambalo akufunsa ngati muli kale ndi chilolezo chogwira ntchito kuno lero. Mulibe, ndiye No. Lachiwirilo akufunsa ngati mudzafuna kuti abwanawo akuimireni pa viza, pamenepo Yes. Mukanama poyambapo, kutsogolo adzakupemphani share code, zilembo ndi manambala zonse pamodzi 9, imagwira masiku 90. Imeneyo imatuluka kwa amene ali kale ndi chilolezo. Inu mudzaitenga kuti?

Alamu a ku Luchenza: Koma mlamu wa mnzanga anadutsa choncho.

Make Chisomo, Leeds: Anadutsa funso kapena anapeza ntchito?

Amalume, Dublin: Ana inu mumadikira tsiku lomaliza bwanji? Komanso musalipire aliyense wa pa Limbe amene akuti akugulitsani malo a ntchito.

Namwino wa pa Chitakale: Ndamva amalume. Nanga pansipa pali Save draft ndi Submit. Ndikadina loyambalo ndiye kuti yapita?

Mjomba wa ku Bvumbwe: Ayi! Zinandionekera chaka chatha. Ndinadina Save draft, ndinagona mtima uli m'malo, ndinadikira masabata atatu. Nditatsegulanso ndinapeza pambali pa dzina la ntchitoyo palembedwabe Draft, tsiku litadutsa kalekale. Ndinalira. Batani limenelo limangokusungirani zomwe mwalemba, abwana saona kanthu.

Make Chisomo, Leeds: Zoona. Lidineni panopa foni isanathime, komanso mukamaliza tsamba lililonse, chifukwa mukakhala nthawi osakhudza amakutulutsani, zosasunga zimatayika. Mayankho aataliwo yambani mwalemba pena m'foni, muzingokopera. Mukadina Submit onani ngati pasintha kukhala Submitted, imelo yotsimikiza nayo kawirikawiri imabwera.

Bambo a Tadala, Joni: Achemwali, nanazi zayamba kumeneko? Dzulo ndinalota kalongonda wa amayi, kudzuka ndili m'kachipinda komweka.

Amalume, Dublin: Musatero, kuno kukuzizira kuposa chiperoni.

Namwino wa pa Chitakale: Ndasunga. Koma patuluka lina, "now or in the future". Ndithamange kaye ku sitolo ndikatchaje.