Mng'alu pakona ya nyumba yomwe ndikufuna kugula ku Salima, ndithandizeni nzeru

Nangozo: Moni nonse pagulu pano. Ndapeza nyumba yogulitsa cha ku Kamuzu Road, mukangopatuka pang'ono mseu wa ku Senga Bay. Zipinda zitatu, njerwa zootcha, yamalata, magetsi ndi mpope zilipo. Eni ake akuti akusamuka ndiye akufuna ndalama Okutobala yemweyu asanathe. Ndinapitako Loweruka ndi alamu anga, tinapeza penti akadanunkha. Koma kuseri, pakona ya chipinda chogona, pali mng'alu wochoka pawindo kutsika mokhotakhota ngati masitepe. Kumtunda kachala kakang'ono kakulowa, kumunsi ndi wopyapyala. Akuti ndi wa pulasitala chabe. Chitseko cha chipindacho chikukhula pansi, siling'i ili ndi banga, ndipo mpope nditatsegula cha m'ma 11 unangotulutsa mphepo. Ndi ndalama za ngongole izi abale, ndione chiyani ndisanapereke?

Bambo a Chisomo: Mayi, yambani mwaona mapepala. Masiku ano madobadoba akugulitsa nyumba imodzi kwa anthu atatu.

Nangozo: Mapepala tinaona kale ku khonsolo bambo, ali bwino. Nkhawa yanga ndi khomalo.

Gogo wa ku Chipoka: Mwana wanga, Salima ndi dera la zivomezi. Cha mu Marichi 1989 tinagona panja masiku angapo, nyumba zambiri zinang'aluka ndipo zina zilipobe mpaka lero. Matani simenti, mulowemo.

Mmisiri Che Saidi: Agogo, za chivomezi mukunena zoona, koma funsani kaye chaka chomwe nyumbayo inamangidwa. Ngati ndi ya posachedwa, 1989 sikuikhudza. Achemwali, wa pulasitala umakhala ngati tsitsi, umayenda paliponse ngati ukonde, chikhadabo sichilowa. Wanuwo ukutsata mizere ya njerwa, ndi waukulu kumtunda, ndipo chitseko chakhota nawo. Zitatuzi zikakumana ndiye kuti kona ikutitimira, vuto lili pansi pa maziko.

Malo ambiri kuno kumunsi ndi makande, dothi lakuda lija lomata mvula ikagwa. Likamwa madzi limafufuma, dzuwa la Okutobala likaomba limanyala n'kung'ambika, nyumba n'kumakwera ndi kutsika nalo chaka ndi chaka. Mukabwererako mu Febuluwale mukhoza kupeza mng'alu watseka wokha, musadzati wachira ayi.

Pitaninso ndi khasu, msomali ndi rula. Lowani m'chipindamo muone ngati mng'aluwo watulukira mkati pamalo omwewo. Ngati apakapo penti, yendetsani chikhato, mumva potukuka pomwe anamata. Yezani kukula kwake: ukapitirira mamilimita 5 si wongomata. Kenako kandani ndi msomali pakati pa njerwa. Pakatuluka dothi lofumbutuka, nyumbayo anamangira matope n'kuiveka simenti kunja kokha. Mukatero pemphani kukumba kadzenje pambali pa konayo mpaka muone pothera maziko. Ine ndinakumbapo ina ku Kaphatenga, pa masentimita 30 okha njerwa zinathera padothi, popanda konkire pansi pake. Ogulawo anabwerera pomwepo. Eni ake akakana zokumbazo, akuuzani kale yankho.

Nangozo: Zikomo Che Saidi. Pafupi ndi konayo pali mtengo waukulu wa nimu, mwina mamita atatu kuchoka pakhoma. Zikugwirizana?

Mmisiri Che Saidi: Kwambiri. Mizu imayamwa madzi pansi pa kona imeneyo, dothi la pamenepo limauma kuposa kwina. Koma musathamangire kuudula tsiku limodzi, chifukwa pa makande dothi likayamba kubweza chinyezi limafufuma n'kukankhanso khoma. Kukonza kwake ndi kukumba pansi pa maziko pang'onopang'ono, mita imodzi n'kuthira konkire, ikauma n'kupita pena. Si ntchito ya matumba awiri a simenti. Muonenso ngati pamwamba pa mawindo pali ring'ibimu, lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse, kapena timalintala chabe.

Kamnyamata ka pa Lifuwu: Ine yathu inang'aluka chimodzimodzi, tinangoikamo mawaya n'kumata, chaka chachitatu chino ili phee. Amisiri mumakonda kuopseza anthu kuti mupeze ganyu.

Mmisiri Che Saidi: Ku Lifuwu kwanuko mwina mwamanga pamchenga, mphwanga. Ming'alu ina imasiyadi kuyenda. Njira yodziwira ilipo: mumamata kachigamba kopyapyala ka simenti kudutsa mng'aluwo, n'kulembapo tsiku. Kakasweka, khoma likuyendabe. Koma zimafuna miyezi, mpaka mvula idutse, pomwe achemwaliwa apatsidwa masabata awiri.

Wamagetsi Joe: Banga la siling'ilo musalione muli pansi. Bwerekani makwerero mulowe kudenga masana, tochi muzimitse kaye. Paliponse pomwe pakuoneka kanyenyezi ndi bowo, makamaka pamisomali ndi pomwe malata alumikizana. Matabwa muwabaye ndi sikuludiraiva, akalowa ngati mu chigumu ndiye chiswe chinadya kale. Nthawi zina banga limakhala mkodzo wa mileme, fungo lake simungalisowe.

Muli komweko onani mawaya. Akuyenera kudutsa m'mapaipi, osati kungoyalidwa pamatabwa olumikiza ndi tepi kapena jumbo. Pansi, zimitsani buleka yaikulu mutsegule soketi imodzi. Waya wa masoketi ndi wa saizi 2.5, wa magulobu 1.5, wa kuka yophikira 6. Ambiri amaika 1.5 paliponse posunga ndalama, ndiye mukalumikiza ayironi ndi ketulo waya amatentha mkati mwa khoma. Soketi yachikasu kapena yakuda m'mabowo ndi umboni wake. M'bokosi la mabuleka mukapeza kabatani kolembedwa `TEST` kadinizeni, magetsi azime nthawi yomweyo. Zabwino mutenge wamagetsi wa chiphaso cha MERA akayeze ndi chipangizo, maso okha sakwanira.

Mayi a Tadala: Pa madzi ndiyankhe ine, ndinapsa nazo. Tinagula yathu mu Juni, mpope ukuthamanga bwino. Kufika Seputembala madzi anayamba kubwera 2 koloko usiku okha, kumbali kwathu ndi kokwera. Musafunse eni nyumba, funsani amayi oyandikana nawo, ndipo muwerenge migolo ndi zigubu zili pakhonde pawo. Pitaniko 6 m'mawa ndi madzulo, nthawi yomwe aliyense akutunga, mutsegule shawa osati mpope wapanja, chifukwa wapanja ndi wotsika, umatulutsa ngakhale mphamvu ili yochepa. Akakuuzani kuti pali mjigo pafupi, kalaweni, ina kuno ndi yamchere, sopo sachita thovu. Nambala ya mita mupite nayo ku ofesi ya zamadzi mukaone ngati palibe ngongole.

Wamagetsi Joe: Kuonjezera apo, madzi akabwera tsekani mipope yonse muyang'ane mita. Ikamayendabe, paipi ikudontha pansi penapake.

Mmisiri Che Saidi: Eya, ndipo muone komwe paipiyo ndi madzi a kubafa akudutsa. Akamathera pafupi ndi kona yomweyo, mwina wolakwa si nimu yekha.

Nangozo: Ndabwerako madzulo ano. Mng'alu watulukiradi mkati, anamata n'kupaka penti, kuseri kwa wadiropu. Pa rula kunja wakwana mamilimita 8 kumtunda. Pakati pa njerwa ndi simenti ndithu, msomali sunalowe. Shawa inatulutsa madzi pang'ono cha m'ma 6. Zokumba akuti adikire amuna awo abwere Lachisanu, koma atsitsako mtengo ndisanapemphe n'komwe.

Gogo wa ku Chipoka: Atsitsa ndi zingati?

Nangozo: 2 miliyoni agogo. Che Saidi, imeneyi ingakwane kukonza konayo?

Mmisiri Che Saidi: Sindingatchule mtengo ndisanaone pansi. Lachisanu mukumbe kaye, munditumizire chithunzi rula ili m'dzenjemo.