Mwana akutsegula m'mimba tsiku lachiwiri, ndidikire kapena ndinyamuke?

Moni nonse a m'gulu muno. Ndithandizeni nzeru, mwana wanga wa zaka 2 akutsegula m'mimba kuyambira dzulo m'mawa. Dzulo anapita kasanu, lero kanayi kale, madzi okhaokha koma magazi mulibe.

Ndinayamba ndi Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, kumamumwetsa theka la kapu akangopambuka. Akasanza ndimadikira mphindi 10 n'kuyambiranso ndi sipuni pang'onopang'ono. Paketi inali imodzi yokhayo, ndipo pagolosale pano zatha, zinki nayenso kulibe. Apongozi ndiye anandiwiritsira mpunga, tinatsanula madzi ake n'kuthira kamchere pang'ono. Masana tamuphikira nthochi zosapsa n'kuzipota, wadya masipuni atatu basi. Amayiwa akuti nthochi imamanga m'mimba, sindikutsutsa, koma ine nkhawa yanga ndi madzi amene akutha m'thupi.

Ndinaphunzira kusikelo kuti mwana akalowa maso, akafooka n'kumalephera kumwa, akamasanza chilichonse kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, n'kuthamangira kuchipatala. Iyeyu akumwa ndithu, mwinanso mwaphuma ngati waludzu kwambiri. Ndikamutsina khungu la pamimba likubwerera msanga, koma wakodza kamodzi kokha chidzukireni, ndipo thupi layamba kufunda.

Chipatala chili kutali, pa kabaza ndi ola lathunthu. Kodi madzi a mpunga angagwire ntchito ya Thanzi mpaka mawa, nanga mchere ndithire wochuluka bwanji pa lita? Kapena kukodza pang'onoku ndi ludzuli zikutanthauza kuti ndinyamuke lero lomwe kusanade? Anamwino ndi azaumoyo muli muno, chonde ndiyankheni.