Thandizeni: eriya ya thirayango ikunditulukira 50.5 pomwe yankho ndi 84

Mlongosi wa ku Area 25
Akuluakulu a pagulu pano, ndikuthandiza mng'ono wanga samu ndiye tonse takakamira. Thirayango ili ndi mbali a = 13, b = 14, c = 15, ndipo funso likuti tipeze eriya podzera pa theka la ngodya C. Tapeza kuti sin(C/2) = 2/√13, tayika mu ½ab sin, kwatuluka 50.5. Kumapeto kwa buku alemba 84. Komanso mu notsi zake ½ uja akungosowa pakatikati popanda kufotokoza. Akupita kuti?

Kadaulo265
Onani kakyuleta, mwina ili pa RAD. Ibwezeni pa DEG basi.

Mlongosi wa ku Area 25
Ili pa DEG achimwene. Ndiponso madigiri sitinawakhudze n'komwe, tangochulukitsa 91 ndi 2/√13.

Mphunzitsi Wopuma
2/√13 mwapeza bwino mwanawe. Chavuta n'chakuti ½ab sin C imafuna ngodya yonse imene ili pakati pa a ndi b, ndipo inu mwaipatsa theka lake. Saini wa theka la ngodya si theka la saini, choncho ngakhale kuchulukitsa 50.5 ndi 2 sikukupulumutsani, mupeza 101.

Tiyeni pang'onopang'ono. Lamulo la kosaini likupereka cos C = (169 + 196 − 225)/364 = 5/13. Tsopano 2sin²(C/2) = 1 − cos C = 8/13, ndiye sin²(C/2) = 4/13. Apa ndi pamene munaima. Mnzake munamusiya: 2cos²(C/2) = 1 + cos C = 18/13, ndiye cos(C/2) = 3/√13. Awiriwa amayendera limodzi chifukwa sin C = 2 sin(C/2) cos(C/2), zomwe zikupereka 2 × 6/13 = 12/13. Eriya ndi 91 × 12/13 = 84.

Za ½ wosowayo, wadyana ndi 2 amene ali kutsogolo kwa sin(C/2) cos(C/2), kwatsala ab sin(C/2) cos(C/2).

NaBanda_BT
Koma bambo, zonsezi n'zachiyani? Theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu, 7 × 12 = 84, nkhani yatha.

Mphunzitsi Wopuma
Zoona mayi, koma 12 mwamutenga kuti? Pa funso palibe. Thirayango iyi ndi yofatsa, imagawika kukhala 5, 12, 13 ndi 9, 12, 15, ndiye amene anaiwonapo amangokumbukira. 12 wanuyo ndi 13 × sin C. Atakupatsani 7, 9, 11 simulota msinkhu.

Mlongosi wa ku Area 25
Zamveka aphunzitsi, zikomo. Nanga s amene ali mu notsi akulowa pati?

Wa Masamu ku Zomba
s ndi theka la mbali zonse zitatu mukaziphatikiza, pano (13 + 14 + 15)/2 = 21. Mukachita zomwe achita aphunzitsi ndi zilembo m'malo mwa manambala mupeza

sin²(C/2) = (s − a)(s − b)/ab
cos²(C/2) = s(s − c)/ab

Yesani nokha: 8 × 7/182 = 4/13, ndipo 21 × 6/182 = 9/13, zomwe zija. Mukatenga maruti n'kuchulukitsa, pansi pamatsala ab, amene amafafanizika ndi ab wa kutsogolo. Chotsala ndi √(s(s − a)(s − b)(s − c)), fomula ya Heron wa ku Alexandria. Pano √(21 × 8 × 7 × 6) = √7056 = 84.

Chimene ndimakondera theka la ngodya n'chakuti C/2 safika madigiri 90, ndiye maruti onse awiri sakhala ndi mainasi ngakhale C atakhala 150. Samalani polemba: s − c amapita kwa kosaini, pomwe c ndi mbali yoyang'anizana ndi C. Njira yodziyesera ndi yophweka, sin²(C/2) ndi cos²(C/2) mukawaphatikiza apereke 1, monga 4/13 + 9/13.

Kadaulo265
Ine ndinapeza C = 67 kenako 91 × sin 67 = 83.8. Ndi zomwezo eti?

Wa Masamu ku Zomba
Mwadula ngodya msanga, ndi 67.38. Siyani 12/13 momwemo mpaka kumapeto.

Mlimi wa Mtedza
Pepani kulowerera. Munda wanga uli ndi mbali zinayi, mamita 40, 55, 38 ndi 60. Ndiyike mu fomula imeneyi?

Mphunzitsi Wopuma
Ayi bambo, mbali zinayi zokha sizikwanira, munda ungapendeke eriya n'kusintha mbali zili zomwezo. Kokani chingwe kuchoka pangodya ina kufika yoyang'anizana nayo, muyeze, mukhala ndi mathirayango awiri. Mubwere ndi muyeso umenewo tiwerengere limodzi.

NaBanda_BT
Ine ndikuti pa mayeso angolemba ya Heron, mizere iwiri, apite funso lina. Nthawi ndi yochepa.

Wa Masamu ku Zomba
Ngati funso langoti pezani eriya, ndikugwirizana nanu. Koma ili lanena njira yake, ndiye wochonga akufuna kuona sin(C/2) ndi cos(C/2) papepala.

NaBanda_BT
Yankho likakhala 84 angamuchotsere zingati? Alipo pano amene anachongapo atiuze?